Akaunti ya Facebook yobedwa ku Chinamwali: momwe inabwerera wakuba atachotsa imelo ndi nambala

Mwini akaunti ndi mayi wa geni ya zitenje, nsapato ndi zikwama, wokhala ku Chinamwali mu mzinda wa Zomba. Alibe shopu. Katundu amamuonetsa pa peji ya Facebook, wogula amapereka dipoziti pa foni, kenako amakumana m'tauni kapena katunduyo amatumizidwa pa kabaza. Ambiri mwa makasitomala ake ndi ophunzira a ku Chirunga ndi ogwira ntchito m'maofesi a boma. Akauntiyo anawatsegulira mwana wa achemwali awo zaka zambiri zapitazo, ndipo ndi yemweyo anatsegula imelo ya Gmail imene inali pa akauntiyo. Mayiwa sankadziwa kuti ali ndi imelo. Pasiwedi inali imodzi ku Facebook ndi ku Gmail komwe, ndipo chitetezo chofunsa khodi polowa sichinatcheredwe.

Chiyambi chake

Lachisanu madzulo kunabwera uthenga pa Messenger, wochokera ku peji yokhala ndi chizindikiro cha Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook. Unkati zithunzi za katundu wawo zaphwanya malamulo, ndipo peji itsekedwa pakatha maola 24 ngati sadandaula kudzera pa linki imene inali m'munsi. Linkiyo inatsegula tsamba looneka ngati la Facebook, lofunsa nambala ndi pasiwedi. Analemba. Patangopita mphindi zochepa foni inaonetsa funso la Google lofuna kudziwa ngati ndi iwo akuyesa kulowa. Iwo anaganiza kuti ndi mbali ya dandaulo lomwelo, nadina `Yes`. Apa m'pamene anapereka imelo, osadziwa.

Loweruka m'mawa Facebook inali itawatulutsa, ndipo pasiwedi inkakana. Masana mnzawo wa ku Matawale anaimba kufunsa ngati n'zoona kuti akugulitsa mafoni otsika mtengo, poti peji inali itadzaza ndi zithunzi za mafoni ndi nambala yachilendo yolandirira ndalama.

Kuchokera Loweruka mpaka Lachitatu, pamene nkhaniyi inafika kwa ife okonza, achibale anayesa zawo, ndipo zina mwa izo zinavutitsa ntchito. Mwana wa achemwali uja anachotsa pulogalamu ya Facebook pa foni n'kuiikanso. Mlamu wawo anayesa kulowa kambirimbiri pa foni yake, mpaka Facebook inayamba kunena kuti ayesa mopitirira, adikire. Wina anapeza munthu pa intaneti wodzitcha katswiri wobweza maakaunti, amene analandira K30,000 n'kusiya kuyankha. Palinso amene analangiza kuti foni ikafulashidwe kumsika chifukwa mwina ili ndi vairasi. Mwamwayi izi zokha sizinachitike.

Zimene tinapeza

Chinthu choyamba sichinali kuyesa kulowa. Tinapempha foni ya mnzawo wa pa Facebook, n'kutsegula akauntiyo ngati mmene anthu ena akuionera. Dzina linali litasinthidwa, chithunzi chakumaso chitachotsedwa, koma zithunzi zakale za mwini zinalipobe. Tinakopera linki ya akauntiyo. Izi n'zofunika chifukwa wakuba akachotsa nambala ndi imelo, tsamba lofufuzira akaunti silikupezaninso ndi zinthu ziwirizo, ndipo dzina latsopano lingakhale la anthu mazanamazana. Linki imakhala ndi dzina lolowera kapena nambala ya akaunti, yooneka ngati `facebook.com/profile.php?id=` yotsatana ndi manambala. Dzina lolowera wakuba akhoza kulisintha, koma nambalayo sisintha. Tinajambulanso pa sikirini zonse zimene wakubayo anaika pa peji, pamodzi ndi nambala yolandirira ndalama, zisanafufutidwe.

Kenako tinafunsa za imelo.

"Mayi, imelo yanu ndi iti?"

"Ine za maimelo sindizidziwa, achimwene. Ndimangogwiritsa nambala."

Yankho limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri si loona. Foni ya Android imene ikutsitsa zinthu pa Play Store imakhala ndi akaunti ya Google. Tinatsegula Gmail pa foni yawo, imelo inalipo, yolowedwa kale. Koma munalibe uthenga ndi umodzi womwe wa Facebook wa sabata imeneyo, pomwe a miyezi yam'mbuyo analipo ambirimbiri osawerengedwa. Kusowa kumeneku ndiko kunali chizindikiro. Facebook imatumiza uthenga ku imelo yakale nthawi iliyonse pasiwedi kapena imelo ikasinthidwa. Ngati mauthengawo palibe, wina wawachotsa. Tinafufuza motere:

```
in:anywhere from:facebookmail.com
```

Mawu akuti `in:anywhere` amachititsa Gmail kufufuza ndi mu `Trash` ndi mu `Spam` momwe, mmene kufufuza wamba sikufikamo. Mauthenga onse anali mu `Trash`. Gmail imasunga zotayidwa masiku 30 isanazifufute, choncho tinawapeza onse ndi nthawi zake. Anaonetsa ndondomeko yonse ya usiku wa Lachisanu: kulowa kuchokera pa kompyuta yachilendo, kusintha pasiwedi, kuwonjezera imelo yatsopano, kuchotsa nambala, kutchera chitetezo cha khodi, ndipo pomaliza kuchotsa imelo yakale. Zonsezi zinachitika ola limodzi lisanathe.

Chifukwa chimene tinayambira ku Gmail

Mayiwa ankafuna Facebook yawo tsiku lomwelo, ndipo zinali zovuta kuwafotokozera chifukwa chimene tikutayira nthawi pa imelo imene iwo sanaigwiritsepo. Chifukwa chake n'choti wakuba anali adakali mu imeloyo. Pasiwedi ya Gmail sanaisinthe, ndipo zikuoneka kuti anachita dala kuti mwini asadzidzimuke. Tikanayamba kubweza Facebook, linki ndi khodi iliyonse yopita ku imeloyo akanayamba kuiona ndi iye. Kukanakhala kusintha loko wa pakhomo wakuba ali kuchipinda.

Pa `myaccount.google.com`, pansi pa chitetezo, mndandanda wa `Your devices` unaonetsa foni ya mayiwa ndi kompyuta ya Windows imene iwo sanakhalepo nayo. Tinasintha pasiwedi, n'kutulutsa kompyutayo, n'kuona ngati nambala ndi imelo zobwezera akaunti ya Google zili za mwini. Zinali bwino. Kenako tinatchera `2-Step Verification`, chitetezo chofuna chitsimikizo chachiwiri polowa.

Chinatsala ndi chimene ambiri amachiphonya. Wakuba sakhala akudikira uthenga uliwonse kuti aufufute ndi dzanja. Amatchera sefa. Sefa za Gmail sizioneka mu pulogalamu ya pa foni, zimafuna Gmail ya pa kompyuta, ndiye tinatsegula pa laputopu: `See all settings`, kenako `Filters and Blocked Addresses`. Munali sefa imodzi yoti uthenga uliwonse wochokera ku Facebook uzipita ku `Trash` ukangofika. Sefa yotere imapitiriza kugwira ntchito ngakhale pasiwedi isinthidwe kakhumi. Tinaifufuta, n'kuonanso `Forwarding and POP/IMAP` ngati mauthenga akutumizidwa kwina. Kumeneko kunalibe kanthu.

Uthenga wonena za kusintha kwa imelo umakhala ndi linki yapadera yobwezera zimene zasinthidwazo. Imeneyi ndiyo njira yachidule kuposa zonse, ndipo munthu amene waiona tsiku lomwelo nthawi zambiri amamaliza nkhani yonse asanagone. Koma linkiyo sikhalitsa. Titaidina Lachitatu, inali itatha mphamvu. Sefa ija inali itagwira ntchito imene anaitcherera: kubisa linkiyo mpaka itafa. Musanadine linki yotere, onetsetsani kuti adiresi ya wotumiza ikuthera pa `@facebookmail.com` ndendende, chifukwa akuba ena amatumizanso uthenga wabodza wa mtundu womwewu kwa munthu amene wasokonezeka kale.

Foni yakale ndi chiphaso

Njira inatsala ndi yotsimikizira Facebook kuti munthuyu ndiye mwini. Apa chinthu chamtengo wapatali si laputopu ya wokonza, koma chipangizo chimene mwini ankalowera nacho kale. Facebook imazindikira foni kapena bulawuza imene inalowapo, ndipo njira zimene imakupatsani zimasiyana malinga ndi kumene mukuchokera. Pa chipangizo chachilendo kawirikawiri imangoonetsa imelo ya wakuba, yobisidwa ndi tinyenyezi, n'kunena kuti itumiza khodi kumeneko, basi. N'zimene mlamu uja ankaona mobwerezabwereza pa foni yake.

Pulogalamu ya Facebook inali itachotsedwa n'kuikidwanso, kotero zimene inasunga zinali zitapita. Koma titafunsa bwinobwino, mayiwa anati bandulo ikachepa ankatsegula Facebook pa Chrome. Mbiri ya Chrome inavomereza, ndipo palibe anali ataifufuta. Tinaganiza zoti zonse zichitikire pa Chrome wa foni imeneyo, pa data ya simu khadi yawo yomwe, osati pa intaneti ya pamalo pathu, komanso popanda VPN, pulogalamu yobisa kumene munthu akulowera pa intaneti. Tinauza abale onse kuti asiye kuyesa, ndipo tinadikira mpaka tsiku lotsatira kuti chiletso cha kuyesa mopitirira chiyambe chatha. Kudikiraku kunawawa mwini, koma munthu akapitiriza kuyesa chiletso chili mkati, amangodzitsekera yekha.

Podikirapo tinachita ziwiri. Tinatsegula imelo yatsopano, imene sinakhalepo pa akaunti ina iliyonse ya Facebook, chifukwa njirayi imafunsa imelo yoti azikuyankhirani ndipo imakana imene ili kale pa akaunti ina. Yakale ija tinali titaiyeretsa, komabe wakuba ankaidziwa. Chachiwiri, mayiwa analemba pa sitetasi ya WhatsApp ndi m'magulu a makasitomala kuti peji yabedwa, aliyense asatumize ndalama. Izi zinayenera kuchitika Loweruka lomwe lija. Sizidikira wokonza.

Panali pempho limodzi limene tinawaletsa. Anzawo ankafuna kuitana anthu ambiri kuti akanene akauntiyo ku Facebook kuti ndi yabodza, itsekedwe. Akaunti ikatsekedwa chifukwa cha zochita za wakuba, mwini amakhala ndi milandu iwiri m'malo mwa umodzi: kutsimikizira kuti ndi yake, ndi kudandaula kuti itsegulidwe. Pofuna kubweza akaunti, ndi bwino ikhale yamoyo. Tinapempha kuti anene zithunzi za mafoni zija zokha, kuti ndi chinyengo.

Lachinayi tinatsegula `facebook.com/hacked` pa Chrome uja. Nambala ya mwini sinapeze kanthu, monga tinkayembekezera. Dzina lolowera lochokera mu linki ija linapeza akauntiyo. Itafunsa pasiwedi, tinalemba yakale, imene wakuba anaisintha. Facebook imakumbukira pasiwedi yakale, ndipo inayankha kuti imeneyi inasinthidwa masiku angapo apitawo, n'kupereka mwayi wonena kuti wosinthayo si mwini. Kenako inaonetsa imelo ya wakuba ija, koma ulendo uno m'munsi munali mawu akuti `No longer have access to these?`. Mawu enieni a pa sikirini amasinthasintha, pena amalembedwa `Try another way`, koma tanthauzo lake ndi limodzi. Tinadina pamenepo, tinalemba imelo yatsopano, ndipo inapempha chithunzi cha chiphaso.

Mayiwa anali ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Chithunzi choyamba anajambula okha madzulo kunyumba, magetsi atazima, ndi kuwala kwa foni. Yankho linabwera ku imelo yatsopano loti sanathe kutsimikizira. Titachiona chithunzicho, chifukwa chake chinali poyera: kuwala kunanyezimira pa pulasitiki n'kuphimba theka la dzina, ngodya imodzi inadulidwa, ndipo chala chinagwira pa tsiku lobadwa. Chachiwiri chinajambulidwa m'mawa pafupi ndi zenera, chiphaso chitagonekedwa pa tebulo pamwamba pa chitenje chakuda chopanda maluwa, foni ili pamwamba molunjika, ngodya zinayi zonse zikuoneka, kuwala kwa foni kutazimitsidwa. Tinachikuza pa sikirini kuona ngati zilembo zing'onozing'ono zikuwerengeka tisanatumize. Chithunzi cha chiphaso chisadutse pa WhatsApp, chifukwa imachichepetsa n'kuchititsa zilembo kufufuma, komanso chimatsala m'mafoni a anthu ena.

Pali mwayi wina umene mayiwa anali nawo, ndipo si aliyense ali nawo. Dzina limene linali pa akaunti isanabedwe linali lawo lenileni, lofanana ndi la pa chiphaso, tsiku lobadwa linali loona, ndipo munali zithunzi za nkhope yawo zambiri. Wa geni amene akaunti yake ili m'dzina la bizinesi, kapena la mwana wake, kapena amene anangolemba chaka chobadwa chongopeka, amafika pamenepa n'kusowa chofananitsa ndi chiphaso. Funsani zimenezi poyambirira penipeni musanalonjeze kanthu kwa kasitomala, ndipo musanalandire ndalama yake.

Yankho lachiwiri linafika kumapeto kwa sabata, lili ndi linki yoikira pasiwedi yatsopano. Tinaitsegula pa Chrome yemweyo. Pasiwedi inalowa, koma nthawi yomweyo panabwera sikirini yofuna khodi ya manambala 6 yochokera mu pulogalamu yopangira makhodi. Pulogalamuyo inali pa chipangizo cha wakuba. Pamenepa anthu ambiri amataya mtima, kapena amayamba kulota manambala. Zonse ziwiri n'zolakwika. Mauthenga a mu `Trash` aja anali atatichenjeza kale kuti khoma limeneli lilipo, ndiye mwini tinali titamuuziratu. Pa sikirini yomweyo pali njira ina ya amene alibe khodi, ndipo inatifikitsanso ku chiphaso. Tinatumiza chithunzi chomwe chija chimene chinalandiridwa. Lachiwiri uthenga unabwera, ndipo mayiwa analowa.

Ola loyamba atalowa

Kulowa si kumaliza. Wakuba amene wakhala mu akaunti sabata yoposa imodzi amakhala atatsegula makomo ena. Tinagwira ntchito mu `Accounts Center`, mbali ya Facebook yoyang'anira akaunti ndi chitetezo chake, motsatana chonchi, ndipo kutsatanaku kuli ndi chifukwa. Poyamba, pa `Where you're logged in`, tinatulutsa zipangizo zonse kupatula foni imene inali m'manja, kuti asaone zimene tikuchita n'kuyamba kulimbana nafe. Kenako tinachotsa imelo yake, n'kubwezera nambala ya mwini. Kenako tinachotsa pulogalamu yake ya makhodi n'kutchera ya mwini. Facebook imapereka makhodi 10 osungira tsiku la tsoka, ndipo mayiwa anawalemba m'kope lawo la ngongole, limene silichoka m'nyumba.

Khomo lobisika linali pa mndandanda wa maakaunti olumikizidwa. Panali akaunti ya Instagram imene mayiwa sankaidziwa. Maakaunti akalumikizidwa mu `Accounts Center`, ina imatha kugwiritsidwa ntchito polowera mu inzake. Wosiya Instagram ya wakuba pamenepo amadabwa akaunti itabedwanso patapita masiku ochepa, pasiwedi ili yatsopano. Tinaichotsa, n'kusinthanso pasiwedi kachiwiri, poti yoyamba ija inaikidwa khomoli lili lotsegula.

Peji inali ndi vuto lakelake. Pa `Page access` panali munthu wachiwiri wopatsidwa ulamuliro wonse. Munthu wotere akhoza kuchotsa mwini pa peji yake yomwe, ndipo kubweza akaunti sikubweza peji imene mwini wachotsedwapo. Imeneyo imakhala nkhani ina, yovuta kuposa iyi. Pano wakuba anali asanatero, mwina chifukwa akaunti ya mayiwa inali kale m'manja mwake ndipo sanaone chomufulumizitsa. Tinamuchotsa nthawi yomweyo. Kunena zoona, pa akaunti ya munthu wa geni, `Page access` iyenera kuonedwa mukangotulutsa zipangizo, zina zonse zisanachitike, chifukwa wachiwiriyo amalowa ndi akaunti yake ndipo kusintha pasiwedi ya mwini sikumukhudza. Mbali ya zotsatsa malonda inalibe khadi la banki, choncho kumeneko sikunatayike kanthu.

Mauthenga a pa Messenger tinawajambula tisanafufute chilichonse. M'menemo m'mene munaoneka kukula kwa chionongeko. Wakuba ankalembera makasitomala akale, amene anagulapo kale n'kukhulupirira mayiwa, m'Chichewa chabwinobwino, akutengera kalembedwe ka mwini kuchokera m'mauthenga am'mbuyo. Anthu atatu anatumiza dipoziti, yonse pamodzi K145,000. Awiri anatumiza Lamlungu ndi Lolemba, chenjezo la pa WhatsApp lisanatuluke.

Zotsatira

Mayiwa anakapereka dandaulo ku polisi ya Zomba atanyamula zithunzi za pa sikirini, mauthenga a ku imelo osindikizidwa ndi nthawi zake, nambala yolandirira ndalama ija, ndi manambala a umboni wa kutumiza ndalama ochokera kwa makasitomala atatuwo. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 loona za pa intaneti ndi chitetezo chake. Otumiza ndalamawo tinawauza kuti aliyense adandaule yekha ku kampani ya foni, poti kumeneko amamvera mwini nambala imene inatumiza. Anauzidwa kuti ndalamazo zinatapidwa kwa ejenti tsiku lomwelo zitangolowa. Mmodzi mwa atatuwo mayiwa anagwirizana naye zomubwezera ndi katundu, chifukwa ndi kasitomala wa zaka zambiri. K30,000 ya katswiri wabodza uja sinabwerere.

Dzina la akaunti linabwezedwa kukhala lakale, zithunzi za mafoni zinachotsedwa, ndipo peji inayambanso ndi kavidiyo kakafupi ka mayiwa akulankhula okha, atanyamula chitenje, akutchula nambala yawo yeniyeni. Makasitomala ena ankayamba aimba kaye foni kuti amve mawu asanatumize dipoziti, ndipo mayiwa anawalimbikitsa kuti azitero. Patapita milungu iwiri uthenga wa maola 24 uja unabweranso pa Messenger, kuchokera ku peji ina ya chizindikiro chomwecho. Tinaonanso `Where you're logged in`, `Page access` ndi sefa za Gmail, ndipo munalibe chachilendo.